Akaunti yatsekedwa: mudikire kapena munyamuke?

Tsiku lina madzulo mlamu wanga anabwera kunyumba foni ili m'manja, nkhope itagwa. Mwana wake wa zaka zinayi anali ataiseweretsa masana, ndipo tsopano foniyo inkafuna PUK. Iye anali atayesa kale nambala zinayi zongoganizira, kenaka n'kuiika foniyo pansi poganiza kuti ikakhala ola limodzi itseguka yokha. Ndinamuuza kuti asadinenso kalikonse. Akanadikira chaka chathunthu sikanatseguka, ndipo akanapitiriza kuyesa akanaipha simukhadiyo.

Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa. Kutsekedwa kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina kumatha kokha nthawi ikakwana, kwina sikutha mpaka munthu atakutsegulirani. Musanafunse kuti "ndidikire nthawi yaitali bwanji", muyenera kudziwa kaye kuti mwakumana ndi kuti.

Koma n'chifukwa chiyani makinawa amatseka mwiniwake kunja? Yankho lili m'masamu. Nambala yachinsinsi ya manambala anayi, kuyambira 0000 mpaka 9999, ingathe kukhala imodzi mwa nambala 10,000 zokha. Kwa munthu n'zambiri, koma kompyuta yoyesa nambala khumi pa sekondi ingazimalize zonse m'mphindi zosakwana 17. Foni kapena makina a kubanki saona nkhope ya amene akudina. Sadziwa ngati ndinu mwaiwala, kapena ndi wakuba amene watola chikwama chanu m'minibasi. Chimene angathe ndi kuwerenga kuti zalakwika kangati. Akalola katatu kokha, wakuba amakhala ndi mwayi utatu pa 10,000. N'chifukwa chake nambala yaifupi chotere imakwanitsa kulondera malipiro anu a mwezi wonse: mphamvu yake yagona pa kutsekako.

Tiyambe ndi kutseka kodikira. Mafoni ambiri a Android, mukalakwitsa nambala kapena chojambula chotsegulira kasanu, amakuimitsani masekondi 30, ndipo mukapitiriza kulakwitsa nthawiyo imatalika. iPhone imayamba ndi mphindi imodzi, kenaka zisanu, kenaka 15, mpaka ola limodzi kapena kuposa. Pa iPhone samalani kwambiri: ili ndi batani lotchedwa Erase Data, ndipo ngati munalitsegula, kulakwitsa kakhumi kumafufuta zonse za m'foni, zithunzi za ukwati ndi manambala a abale omwe. Makompyuta a Windows 11, kuyambira mu 2022, amabwera atakonzedwa kuti munthu akalakwitsa pasiwedi kakhumi akaunti itsekedwe mphindi 10, ngakhale kuti a zamakompyuta pa ofesi angathe kusintha ziwerengero zimenezi. Onani mmene mphindi 10 zimagwirira ntchito. Wakuba amangotha kuyesa ka 60 pa ola, choncho nambala 10,000 zija zimene akanazimaliza m'mphindi 17 zingamutengere pafupifupi sabata yathunthu, usana ndi usiku. Inuyo mwangotaya nthawi yomwera tiyi.

Pa kutseka kwa mtundu umenewu werengani zimene zalembedwa pa sikirini, chifukwa nthawi zambiri nthawi yodikira imaonekera pomwepo. Ngati sinalembedwe, monga zimakhalira ndi imelo ndi masamba a mchezo, lekani kudina. Pa maakaunti ena kuyesa kulikonse kumatalikitsa chilango. Mpata umenewo ugwiritseni ntchito poona ngati Caps Lock sinayake, ndipo ngati pasiwedi mwaiiwaladi, dinani "Forgot password" m'malo mongopeka. Ine ndimati mukalakwitsa kawiri imani, chifukwa chala chothamanga chimabwereza cholakwa chomwe chija.

Kutseka kosadikira n'kumene kunagwera mlamu wanga. Simukhadi imalola kulakwitsa nambala yake katatu, kenaka imafuna PUK, nambala ya manambala asanu ndi atatu imene imalembedwa pa kapulasitiki kamene simukhadiyo inathyoledwapo. Kuwerengako kumachitika mkati mwa simukhadi momwemo, choncho kuzimitsa foni kapena kuika simukhadiyo m'foni ina sikusintha kanthu. PUK nayo mukailakwitsa kakhumi, simukhadi yafa, palibe angaidzutse. Mlamu wanga anali atatsala ndi mipata isanu ndi umodzi. Kapulasitiki kaja anali atakataya kalekale, monga timachitira tonse. M'mawa mwake anatenga chiphaso cha unzika n'kupita ku ofesi ya kampani yake ya mafoni, ndipo atatsimikiza kuti nambala ndi yake anamupatsa PUK. Simukhadi ikanafa akanamupatsa ina pa nambala yomweyo, koma manambala a anthu amene anasunga mu yakaleyo akanapita nayo limodzi.

Khadi la kubanki ndi akaunti ya ndalama za pafoni nazo kawirikawiri zimatseka mukalakwitsa katatu, ndipo njira yake ndi yomweyo: kuimbira banki kapena kampani pa nambala yake yodziwika, kapena kupita nokha ndi chiphaso. Pamenepa ndi pamene akuba amadikirira. Munthu akakuimbirani kuti akaunti yanu yatsekedwa ndipo mumuuze nambala yachinsinsi kapena manambala amene angobwera pa uthenga kuti akutsegulireni, dulani foni. Wogwira ntchito weniweni safunsa zimenezo.

Pali vuto lina limene limazunguza anthu a m'maofesi: akaunti kumatsekedwa inu musanalakwitse ngakhale kamodzi. Tinene kuti Lachisanu munasintha pasiwedi pa kompyuta ya kuntchito. Lolemba mwalemba yatsopano molondola, koma yakana, akuti akaunti yatsekedwa. Mwadikira mphindi 10, mwalowa, pasanathe ola yatsekanso. Wolakwa ali m'thumba mwanu. Foni yanu inasunga pasiwedi yakale, ndipo mphindi zingapo zilizonse imapita kukafunsa imelo yatsopano ndi pasiwedi yakaleyo. Ulendo uliwonse makina amawerenga kuti mwalakwitsa, mpaka khumi zitakwana. Chizindikiro chake n'chakuti vutoli limayamba mutangosintha pasiwedi, ndipo limabwerabwera. Kudikira sikuthandiza. Lembani pasiwedi yatsopano paliponse pamene yakale inasungidwa: imelo ya pafoni, netiweki ya ofesi, laputopu imene munasiya kunyumba ili yoyaka. Zikakanika, a zamakompyuta angathe kuona m'kaundula wa makina awo kuti kuyesako kukuchokera pa chipangizo chiti.

Nanga ngati simunasinthe kanthu, palibe mwana anagwira foni, koma mwalandira uthenga woti wina wayesa kulowa kangapo? Pamenepo mwina alipodi munthu akugwedeza chitseko. Nthawi zambiri amakhala kuti anapeza pasiwedi yanu imene inabedwa pa tsamba lina, ndipo akuiyesa kwina poyembekezera kuti mumagwiritsa ntchito imodzi paliponse. Musadine ulalo wa mu uthengawo, chifukwa mauthenga otere ena amakhala msampha. Lowani mu akaunti kudzera njira imene mumalowera masiku onse, sinthani pasiwedi, ndipo tsegulani chitetezo chachiwiri chija chotumiza manambala pafoni yanu nthawi iliyonse wina akafuna kulowa.

Ngati kapulasitiki ka simukhadi yanu mukadali nako, kafunefuneni lero lomwe, mulembe PUK ija m'kope ndipo muisunge kunyumba, kutali ndi foni.