Mmene chatiboti imasungira mfundo macheza akatalika

Chatiboti, pulogalamu ija yocheza ndi anthu polemberana, sisunga m'mutu zomwe mwakambirana. Mukatumiza uthenga, macheza onse kuyambira pachiyambi amatumizidwanso kwa iyo, ndipo imawawerenga isanayankhe. Koma zomwe ingawerenge nthawi imodzi zili ndi malire, omwe amayezedwa m'matokeni, kutanthauza tizidutswa ta mawu. GPT-3 ya 2020 inkalandira matokeni 2,048, ndipo GPT-4 potuluka mu 2023 inkalandira 8,192. Zamakono zimalandira ochuluka, komabe malire alipo. Macheza a m'Chichewa amadzaza malowo msanga chifukwa mawu athu amaduladulidwa kuposa a Chingerezi.

Malo akadzaza, njira yachidule ndi kutaya mauthenga akale. Vuto lake n'lakuti mfundo zazikulu nthawi zambiri zimanenedwa poyamba. N'chifukwa chake opanga mapulogalamu amasankha kufupikitsa, monga mmene mlembi wa msonkhano amalembera zomwe zagwirizanidwa osati mawu onse omwe anthu alankhula.

Tiyerekeze kuti mayi wina akukonza chakudya cha ukwati pa chatiboti ya matokeni 8,192. Malangizo a pulogalamu atenga 1,000, ndipo ena 1,000 asiyidwira yankho, choncho macheza atsala ndi malo a matokeni pafupifupi 6,000. Akayandikira pamenepo, pulogalamu imatenga mauthenga akale okwana 4,000 n'kuwafupikitsa kufika pa 400. Mauthenga aposachedwa okwana 2,000 amasiyidwa momwe alili, kuti mayiyo akati "chotsa chachiwiricho" zidziwike chomwe akunena. Malo akadzazanso, chidule chakale chimaphatikizidwa ndi mauthenga ena n'kufupikitsidwanso.

Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera. Poyamba mayiyo anati alendo ndi 150, kenako anasintha kuti 120. Ananenanso kuti apongozi sadya mtedza chifukwa umawadwalitsa. Chidule chosalembedwa bwino chimangoti anakambirana za alendo ndi ndiwo. China chimasunga 150 n'kutaya 120. Chikafupikitsidwa kachiwiri kapena kachitatu, za mtedza zija zimatha kusoweratu, ndipo chomwe chatayika sichibwerera chifukwa chatiboti siionanso mauthenga oyambirira.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuona. Chatiboti imafunsanso zomwe munayankha kale, imawerengetsa mpunga wa anthu 150, kapena imaika masamba otendera pa chakudya cha apongozi, ndipo imatero mosakayika konse.

Opanga osamala amapatula mndandanda waufupi wa mfundo zosafupikitsidwa: mayina, manambala, masiku, zoletsedwa ndi chisankho chomaliza. Nambala ikasintha, yakale imafufutidwa. Amasunganso macheza onse pambali kuti chidule chikalakwika chilembedwenso kuchokera ku mawu enieni. Nanunso macheza akatalika, bwerezani mfundo zikuluzikulu mu uthenga umodzi musanapemphe yankho lomwe mugwiritse ntchito pogula zinthu, makamaka ngati likukhudza ndalama kapena thanzi la munthu.