Chithunzi chodulidwa: mmene kapepala kamodzi kamasenzera nkhani yaifupi

M'nyumba zambiri muli chithunzi chimene sichifanana ndi zinzake. Zinzake zili ndi mzere woyera kuzungulira m'mbali monse, koma icho ndi chaching'ono, mbali imodzi yokhota, ndipo pali mwana yekha atakhala pamiyendo ya munthu wopanda mutu. Olemba nkhani zazifupi amachikonda chithunzi chotere, chifukwa owerenga akangochiona amayamba okha kufunsa: kodi ena aja anapita kuti, nanga anawachotsa ndani? Funso limenelo ndi lokwanira kuyendetsa nkhani ya masamba atatu kapena anayi, bola wolemba adziwe bwino zimene zinachitikira pepalalo.

Kumanga nkhani pa chinthu chimodzi si kwachilendo. Guy de Maupassant wa ku France analemba mu 1884 nkhani ya mayi amene anabwereka mkanda, nkuutaya, kenako nkuvutika zaka khumi akubweza ngongole ya wina umene anagula m'malo mwake, osadziwa kuti wotayikawo unali wachabechabe. Chithunzi chong'ambika nachonso chagwirapo ntchito zambiri. Mu kanema wa Coco wa mu 2017, banja linang'amba nkhope ya bambo amene ankamuyesa wothawa ana, ndipo mnyamata wa m'banjamo amathera kanema yense akufunafuna mwini nkhopeyo. Koma kumeneko wochotsedwa ndi mmodzi. Chithunzi chimene chatsala ndi mwana yekha chili ndi vuto lokulirapo: makolo onse awiri palibe, ndipo sanachoke nthawi imodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Pepalalo lakhudzidwa kawiri, koyamba ndi manja, kachiwiri ndi sizasi. Kung'amba kumachitika m'kanthawi kochepa, munthu mtima uli m'mwamba. Kudula kumafuna kuti munthu akhale pansi, abwereke sizasi, ayang'anitsitse pamene pathera khutu la mwana kuti asalidule. Wong'amba akufuna kuchotsa munthu, pamene wodula akufuna kusunga wina. Wolemba amene waona kusiyana kumeneku ali kale ndi nthawi ziwiri, mitima iwiri, mwinanso anthu awiri.

Pepala lenilenilo limachitira umboni. Chithunzi chikang'ambidwa, khungu lonyezimira lapamwamba limasendeka mosiyana ndi pepala lapansi, ndiye m'mphepete mumatsala kamzere koyera konyanyuka. Sizasi imasiya mphepete yosalala, ndipo ngati wodulayo anatsata mutu ndi mapewa a mwana, pamaoneka timakona pamene ankatembenuza dzanja. Kuseri nakonso kumalankhula. Ojambula akale ankadinda chidindo cha situdiyo kumbuyo, eni ake nkulembapo tsiku ndi mayina. Chikadulidwa, pamatsala theka la chidindo ndi mapeto a mawu. Chinanso nchakuti mng'ambo sumvera mwini wake: umayamba pamene iye wafuna, koma umakathera kwina.

Tiyeni timange nkhani imodzi yachitsanzo kuchokera pa mfundo yomalizayi. Chaka ndi 1973. Mwamuna wina wa ku Ntcheu walembetsa ku Wenela, bungwe limene linkatumiza amuna kumigodi ya ku Joni. Asananyamuke atenga mkazi ndi mwana wawo wamkazi wa chaka chimodzi kukajambulitsa. Mayi wakhala pampando, mwana ali pamiyendo, bambo waima kumbuyo cha kumanja, dzanja limodzi lagwira phewa la mwana, mutu waweramira pafupi ndi wa mkazi wake. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Amuna ambiri anabwerera kwawo makontirakiti awo atatha. Mwamuna wa m'nkhani yathuyi sanali m'ndegemo, koma sanabwerenso. Anasanduka mtchona.

Tsiku lina wobwera kuchokera ku Joni anena kuti anamuona ali ndi banja lina. Usiku womwewo mayi achotsa chithunzi pakhoma nkuching'amba kuti achotse mwamunayo. Koma popeza mitu yawo inali yoyandikana, mng'ambowo udutsa pankhope yake yomwe. M'mawa agogo a mwanayo, posesa, atola zidutswazo. Palibe chimene angapulumutse kupatula mdzukulu. Abwereka sizasi kwa telala, adula mozungulira mwanayo, nkuika kachidutswako m'buku la nyimbo za kutchalitchi.

Zonsezi ndi zimene wolemba ayenera kudziwa, koma si zimene alembe. Ernest Hemingway anafotokozapo mu 1932 kuti wolemba angathe kusiya zinthu zimene akuzidziwa bwino, owerenga nkuzimvabe ngati kuti zalembedwa. Motero nkhani yathu isayambire ku situdiyo mu 1973. Iyambe patapita zaka makumi awiri, mwana uja ali mayi woyembekezera, agogo akudwala, iye akufufuza nyimbo yoti awaimbire, kachithunziko nkugwera pamphasa. Nkhani yonse ichitike masana amodzi, m'chipinda chimodzi, pakati pa anthu awiri. Zakale zibwere pang'onopang'ono, monga mmene maso a mtsikanayo akuzitulukira.

Choyamba aone mphepete. Mbali zitatu nzosalala, koma pamwamba cha kumanja patsala pang'ono ponyanyuka pamene sizasi inalephera kufika popanda kudula tsitsi la mwana. Chachiwiri aone nsalu imene mwana wakhalira, aizindikire kuti ndi ija amayi ake anaisandutsa mbereko. Chachitatu, chimene nkhani yonse yakhala ikulowera, aone zala zinayi paphewa la mwanayo. Mwana wa chaka chimodzi sajambulidwa popanda womugwira, choncho palibe sizasi imene ingachotse akuluakulu onse. Zalazo nzazikulu, za munthu wamwamuna, ndipo mtsikanayo anakula akumva kuti bambo ake sanamunyamulepo.

Zokambirana zikhale zochepa, ndipo zimveke ngati za mdzukulu ndi agogo ake enieni. Mtsikana angafunse kuti, "Agogo, dzanja ili nla yani?" Agogo asayankhe ndi mbiri yonse. Anganene kuti, "Iwe, sizasi ija inali yobuntha." Yankho limeneli likuzemba funso, komabe laulula kuti wodula anali iwowo, ndiponso likusiya owerenga akukayika ngati zalazo zinatsala mwangozi kapena agogo anazisiya dala. Wolemba asathetse chikayikocho. Akachithetsa, owerenga sakhalanso ndi ntchito.

Malo amene nkhani yaikidwa amasintha tanthauzo la kudulako. Kumene kuli chikamwini, monga pakati pa Achewa, Ayao ndi Alomwe ambiri, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ana amawerengedwa a mbumba ya kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Kumeneko kuchotsa bambo pachithunzi kukungotsimikiza zimene mudzi ukunena kale, ndiye chopweteka kwambiri chimakhala kusowa kwa nkhope ya mayi. Nkhani yomweyo itaikidwa ku Mzimba, kumene kuli malowolo ndipo ana amakhala a kuchimuna, wogwira sizasi akhoza kukhala azakhali, wochotsedwa dala nkukhala mayi amene anabwerera kwawo. Wolemba asankhe mudzi asanasankhe wodula.

Nthawi nayo iyenera kugwirizana ndi chinthucho. Chithunzi cha situdiyo cha mu 1973 chikhale chakuda ndi choyera. Owerenga wochenjera afunsa kuti bwanji sanakatsukitse china, ndiye wolemba adziwe kuti negetivi kawirikawiri inkatsala kwa wojambula, ndipo banja lakumudzi linkatenga kope limodzi kapena awiri basi. Ngati anali awiri, lachiwiri linapita ku Joni m'thumba la mwamunayo, ndipo chiganizo chimodzi chokha chonena zimenezi chingalemeretse nkhani yonse. Koma nkhani ikaikidwa m'masiku ano a mafoni, mphamvu yake imachepa, chifukwa chithunzi chodulidwa pafoni sichisiya chipsera, ndipo chathunthu chake chimakhala chilipobe kwa m'bale wina.

Pali njira zitatu zimene nkhani yotere imafera. Yoyamba ndi kupezeka kwa chidutswa china. Mlendo afika pamaliro, atulutsa theka lake m'chikwama, zidutswa zilumikizana, onse alira. Kanema wa The Parent Trap wa mu 1998 anachita zotere ndi mapasa awiri amene aliyense anali ndi theka la chithunzi cha makolo awo, ndipo zinayenera chifukwa ndi kanema woseketsa. Koma m'nkhani yathu kulumikiza nkosatheka: agogo anadula mphepete yong'ambika ija, ndiye ngakhale theka lina litabwera, silingagwirane ndi linzake. Kudulako kunatseka njira yobwerera, ndipo wolemba alemekeze zimenezo.

Njira yachiwiri ndi kufotokoza tanthauzo. Tinakulira pa nthano zimene zimatha ndi phunziro, ndipo chizolowezicho chimalowa m'nkhani zazifupi zambiri zimene timawerenga m'nyuzipepala ndi kumva pawailesi. Wolemba akangolemba kuti chithunzicho chikuimira banja losweka, kapena akamaliza ndi kulangiza abambo kuti azisamala ana, wawalanda owerenga chimene anali atachipeza kale okha. Chizindikiro cha vutoli nchosavuta kuchiona: ndime yomaliza itachotsedwa, nkhaniyo nkukhalabe yathunthu, ndiye kuti ndimeyo inali ulaliki.

Njira yachitatu ndi kusiya chithunzicho chili chokongoletsa chabe, chongotchulidwa poyamba ndi pomaliza pamene nkhani ikuyenda payokha. Anton Chekhov wa ku Russia ankalangiza olemba kuti mfuti ikaonetsedwa koyambirira, iyenera kudzaombedwa. Kachithunzi kathu nakonso kachititse munthu kanthu. Pofika kumapeto mtsikanayo akhale ndi chosankha chenicheni: akabwezere m'buku osanenanso kanthu, akaonetse kwa amayi ake amene sakudziwa kuti kalipo, kapena atenge sizasi amalize ntchito ya agogo pochotsa zala zija. Chosankha chilichonse chikunena za iye zosiyana, makamaka poti nayenso ali pafupi kubereka ndipo mwamuna wake akukamba zopita ku Joni.

Wofuna kulemba nkhani yotere ayambe ndi kujambula papepala chithunzi chathunthu: ndani wakhala, ndani waima, manja a aliyense ali pati. Kenako alembe mzere wa mng'ambo, pambuyo pake mzere wa sizasi. Zimene zatsala mkati mwa mzere wachiwiriwo ndi zokhazo zimene mtsikanayo aloledwe kuona, ndipo chilichonse chimene nkhani iulule chichokere pamenepo kapena pakamwa pa agogo, amene sakufuna kulankhula.