Kufotokoza kafukufuku wa kuyunivesite kwa munthu amene sanaphunzire phunziro lanu

Ophunzira athu amene adzasankhidwe kupita kuyunivesite adzakumana ndi ntchito imeneyi m'chaka chawo chomaliza: kusankha funso limodzi, kulifufuza kwa miyezi ingapo motsogozedwa ndi mphunzitsi, kenako n'kulemba lipoti la masamba makumimakumi. Akafuna malo a digiri yachiwiri kapena thandizo la fizi, amafunsidwa kuti afotokoze kafukufukuyo m'mawu ochepa, mwina ndime imodzi yokha. Vuto n'lakuti amene amawerenga ndimeyo kawirikawiri si katswiri wa phunziro lomwelo. Akhoza kukhala mkulu wa mu ofesi yolembera ophunzira, mphunzitsi wa dipatimenti ina, kapena membala wa komiti yopereka thandizo ngati yathu ino, ndipo amakhala ali ndi mulu wa makalata patebulo.

Tiyerekeze mtsikana amene waphunzira sayansi ya zakudya ku Bunda, ndipo akufunsira digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu. Kafukufuku wake anali wokhudza chuku cha mtedza. Manambala a kafukufukuyu ndi ongoyerekeza kuti tione kalembedwe, koma nkhani ya chuku ndi yeniyeni. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiwindi ndipo angathe kuyambitsa khansa, komanso satha ndi kukazinga kapena kuphika.

Ambiri amangokopera chidule chimene analemba koyambirira kwa lipoti lawo. Chidulecho analembera aphunzitsi omuyesa, choncho chimayamba ndi dzina la sayansi la chukucho, n'kutchula njira ya ELISA imene anayezera poizoni mu labotale, n'kumaliza ndi p < 0.05. Zonsezi n'zoona, koma wowerenga wachilendo akafika kumapeto sadziwa kuti mtsikanayu ankafuna kudziwa chiyani. Amangoona kuti panachitika zinthu zovuta.

Poyambira pabwino ndi funso, lolembedwa monga mmene munthu angalifunsire pakhonde. Mabanja ambiri amawaza madzi pa mtedza wouma kuti makoko afewe asanayambe kusenda, chifukwa makoko ouma amapweteka zala. Chuku chimakonda chinyezi. Funso la mtsikanayu ndi ili: kodi mtedza wowazidwa madzi umakhala ndi poizoni wambiri kuposa wosendedwa wouma? Dokotala, loya ngakhale wowerengera ndalama angalimve funsoli, ndipo akalimva amafuna kudziwa yankho lake.

Kenako anene zimene anachita ndi manja ake. Apa pali msampha. Akafukufuku ambiri a chaka chomaliza amakhala kachigawo ka ntchito yaikulu ya mphunzitsi, ndiye wophunzira amalemba kuti "tinapita" ndi "tinayeza" kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwina chifukwa cha ulemu. Koma wowerenga akusankha munthu mmodzi, osati gulu. Ngati mtsikanayu anayenda yekha m'makomo 40 kutenga mtedza, alembe kuti "ndinatenga". Ngati makina a mu labotale ankayendetsa ndi katswiri wa pamenepo, iye n'kumakonza masampulo ndi kuwerengetsa zotsatira, anenenso choncho. Pa mafunso apakamwa amakonda kufunsa pomwepa, ndipo amene anadzitama ndi ntchito ya mnzake amagwidwa ndi funso lachiwiri.

Gawo lofunika nthawi yambiri ndi la zotsatira. Mawu akuti "panali kusiyana kwakukulu" sathandiza, chifukwa wowerenga sadziwa kukula kwake. Ndi bwino kupereka manambala amene munthu angawerenge pa zala: mwa masampulo 20 a mtedza wowazidwa madzi, 12 anapitirira mlingo wovomerezeka, pamene mwa 20 osendedwa ouma anapitirira ndi 4 okha. Aliyense akuona kuti 12 ndi 4 kuchulukitsa katatu, ndipo p < 0.05 uja angathe kutsala m'lipoti. Mlingowo uyeneranso kutchulidwa kuti ndi wa yani, pakuti maiko amasiyana. Bungwe la maiko a ku Ulaya limalola mamaikulogalamu 4 okha pa kilogalamu ya mtedza woti anthu adye. Maikulogalamu ndi mawu amene wowerenga sangawaone m'maganizo, koma atauzidwa kuti n'chimodzimodzi magalamu 4 a poizoni m'matumba 20,000 a makilogalamu 50, amvetsa chifukwa chake poizoniyu sangaoneke ndi maso ndipo amafunika labotale. Fanizo limodzi lotere n'lokwanira. Likabwera lachiwiri ndi lachitatu, ndimeyo imasanduka phunziro la m'kalasi.

Sikuti mawu onse a sayansi achotsedwe ayi. Afulatokisini akhalepo, kamodzi, ndi tanthauzo lake pambali, kuti ngati pakomitiyo pali wodziwa za zakudya aone kuti wolembayo akuidziwa nkhani yake. Dzina la makina, la mankhwala a mu labotale ndi la pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera akhoza kutsala, pokhapokha ngati maphunziro amene akufunsirawo anena kuti amafuna luso limenelo.

Chimene ophunzira amaopa kwambiri ndi kutchula malire a ntchito yawo, poganiza kuti adzichotsera okha mwayi. Ife tikuona kuti chiganizo chimenechi n'chimene chimasonyeza kuti munthu wakhwima. Makomo 40 a m'boma limodzi, m'nyengo imodzi yokolola, sangayankhulire dziko lonse. Komanso n'kutheka kuti mabanja amene amawaza madzi ndi omwenso amasunga mtedza m'nyumba zodontha, ndiye sitinganene motsimikiza kuti madziwo okha ndiwo abweretsa poizoni. Amene walemba kuti "ndatsimikiza kuti kuwaza madzi kumayambitsa khansa" walumpha mitsinje iwiri: sanapatule madzi ku zifukwa zina, ndipo sanayeze wodwala ngakhale mmodzi.

Zikasonkhanitsidwa, ndime ya mtsikanayu ingamveke motere:

"Mabanja ambiri amawaza madzi pa mtedza asanasende. Ndinafuna kudziwa ngati zimenezi zimachulukitsa afulatokisini, poizoni wochokera ku chuku amene amaononga chiwindi. Ndinatenga mtedza m'makomo 40 a m'boma limodzi, theka lake owaza madzi, ndipo ndinauyeza mu labotale mothandizidwa ndi katswiri wa pamenepo. Masampulo 12 mwa 20 owazidwa madzi anapitirira mlingo wa ku Ulaya, poyerekeza ndi 4 mwa 20 osendedwa ouma. Makomowa ndi ochepa ndipo sindinayeze kasungidwe ka mtedzawo, choncho zotsatirazi zikungoloza kofunika kufufuza. Ndikufuna maphunziro a zaumoyo wa anthu kuti ndidziwe kayezedwe ka kuchuluka kwa poizoni amene amalowa m'matupi mwa ana odya phala la nsinjiro."

Onani kuti chiganizo chomaliza chatuluka mu mpata umene kafukufukuyo anasiya. Akanakhala kuti akufunsira maphunziro a zamalonda a mbewu, ndime yonse ikanakhala yomweyi, koma mapeto akanakamba za mtedza wokanidwa pamsika wakunja.

Makalata ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, koma yambani mwaifotokoza nkhaniyo pakamwa m'Chichewa kapena m'Chiyao, chifukwa mawu a m'buku amene simukuwamvetsa amakana kumasulika. Apa ndi pamene makolo mungathandize ngakhale simunafike kuyunivesite. Mwana akakuwerengerani ndimeyo, musamuuze kuti yamveka. Dikirani mphindi zingapo, kenako mumubwerezere m'mawu anu chimene ankafufuza, chimene anachita ndi chimene anapeza. Mukanena kuti "wapeza zoti mtedza ndi woipa", ndiye kuti kuyerekeza kwa wowazidwa ndi wouma kuja kwabisika, ndipo abwerere akakonze chiganizo chachiwiri ndi chachinayi asanatumize.