Sikelo yoyeza mafuta imasokonezeka thupi likatupa kapena likauma

Masikelo ena amakono, munthu akapondapo opanda nsapato, amasonyeza kulemera kwake, mafuta ndi minofu yomwe. Ambiri sadziwa kuti makinawa saona mafuta ngakhale pang'ono. Amangotumiza magetsi ofooka kwambiri m'thupi, osamveka n'komwe, n'kuyeza mmene magetsiwo akuvutikira kudutsa. M'madzi a m'thupi, omwe ali ndi mchere, magetsi amadutsa mosavuta, pomwe m'mafuta amavutika. Pamenepo makina amayerekeza kuchuluka kwa madzi, ndipo zotsalazo ndi masamu okhaokha.

Masamuwo atsamira pa mfundo imodzi, yakuti mbali ya thupi yopanda mafuta, monga minofu, mafupa ndi ziwalo, ili ndi madzi okwana 73 pa 100 alionse. Kwa munthu wabwinobwino zimakhaladi choncho. Koma wodwala madzi ake sakhala pa mlingo umenewu.

Tiyerekeze munthu wolemera makilogalamu 60 amene ali ndi malita 36 a madzi. Makina agawa 36 ndi 0.73 n'kupeza makilogalamu 49 opanda mafuta, ndipo 11 otsalawo awatcha mafuta. Tsopano mtima kapena impso zake zafooka, ndipo malita 5 adzadza m'miyendo. Akulemera 65, madzi afika malita 41. Makina anena kuti mbali yopanda mafuta yafika 56, mafuta atsika kufika 9. Papepala aoneka ngati wakhuta minofu, chonsecho mwina akuwonda mkati. Apa ndi poopsa, chifukwa wodwala wofunika chakudya chapadera angathe kuuzidwa kuti ali bwino.

Akatsegula m'mimba n'kutaya malita 3, zimatembenuka. Kulemera kutsika kufika 57, mbali yopanda mafuta iwerengedwa 45, ndipo mafuta aoneka ngati akwera kufika 12, pomwe munthuyo sadye n'komwe.

Pamene madziwo akhala paliponso ndi nkhani. Magetsi amavutika kwambiri m'mikono ndi m'miyendo chifukwa ndi mopapatiza, koma pachifuwa ndi pamimba, ngakhale ndi pafupifupi theka la kulemera kwa thupi, amadutsa mosavuta. N'chifukwa chake madzi odzadza m'mimba mwa wodwala chiwindi makina sawazindikira bwino, ndipo ambiri mwa iwo amawaika m'gulu la mafuta.

Manja a wachipatala ndi odalirika kuposa nambala zimenezi. Dinani pamwamba pa phazi ndi chala chachikulu kwa masekondi 3, ndipo pakatsala kadzenje, thupi latupa. Khungu la pamimba likatsinidwa n'kuchedwa kubwerera, maso atalowa m'kati, thupi lauma. Mukaona zizindikiro zimenezi, musakhulupirire zimene makina anena za mafuta ndi minofu. Wodwalayo ayambe walandira chithandizo, kutupa kuphwe kapena madzi abwerere, kenaka ayezedwenso.