Mbale Ziwiri za Nsima: Kasewero ka Ophunzira Chichewa

Munthu amene wangoyamba kuphunzira Chichewa sachedwa kugwira moni, koma akafika pamalo odyera mumsika wa Limbe nthawi ya nkhomaliro, pakamwa pamauma. Mayi wogulitsa ali ndi chipande m'manja, anthu ena akudikira kumbuyo, ndipo nthawi yosakasaka mawu palibe. N'chifukwa chake ndimakonda kuti ophunzira ayambe ayeserera kasewero aka, ka anthu atatu: Chikondi, mnzake Mphatso, ndi mayi wogulitsa.

Chikondi: Iwe Mphatso, njala yandipweteka. Udya chiyani?

Mphatso: Nsima basi. Tiye tifunse ndiwo.

Chikondi: Mwaswera bwanji, mayi?

Mayi: Ndaswera bwino, kaya inu?

Chikondi: Taswera bwino. Muli ndi ndiwo zanji lero?

Mayi: Pali nyemba, usipa ndi nkhuku. Masamba ndi nkhwani wotendera.

Mphatso: Ya nkhuku ndi ndalama zingati?

Mayi: K4,000. Ya nyemba K2,000.

Mphatso: Ii, yakwera! Mutipatseko mbale ziwiri za nyemba.

Chikondi: Ine muikemo mitanda itatu. Tingasambe kuti m'manja?

Mayi: Madzi ali apo. Khalani pabenchipo.

Mitengoyi ndi yongoyerekeza. Aphunzitsi aike ya pamsika wa kwawo.

Mtima wa kaseweroka uli pa kusintha kwa ulemu. Chikondi akulankhula ndi anthu awiri m'mphindi imodzi. Kwa mnzake akuti "iwe" ndi "udya", koma akatembenukira kwa mayi akuti "mwaswera" ndi "muli". Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Wophunzira amapitiriza ndi kalankhulidwe kamene anayamba nako, n'kuuza mayi wamkulu kuti "ndipatse nsima". Mawuwo ndi Chichewa cholondola, koma amamveka ngati ukulamula mwana. Mphunzitsi akangomva "u-" kapena "ndipatse" akupita kwa wogulitsa, aimitse sewero, abwerezetse chiganizocho. Ndipo onani ka "-ko" kali kumapeto kwa "mutipatseko": n'kakang'ono, koma ndi kamene kakusandutsa lamulo kukhala pempho.

Chachiwiri ndi kuwerenga. Timati mbale ziwiri koma mitanda iwiri kapena itatu, chifukwa nambala imatsata dzina la chinthucho. Wophunzira akati "mitanda ziwiri", khutu la mwini chilankhulo limamva pomwepo. Pa ndalama pokha, pamsika mumva "folo sauzande", choncho muphunzitseni momwemo.

Nsima ya m'mbale sanenerera mtengo ngati tomato. Mphatso wadandaula kuti yakwera, kenako wasankha yotsikirapo, ndipo umo ndi mmene anthu amachitira.

Aphunzitsi, seweroli libwerezedwe katatu, aliyense akhaleko mayi wogulitsa. Ulendo wachitatu mapepala aikidwe pansi, ndipo mayiyo ayankhe kuti nyemba zatha, kuti ogulawo asankhe okha ndiwo zina.