Kugona Kokwanira, Kutopa Kosatha

Mayi wa ana atatu amagona maola 8, koma akangokwera kamtunda ndi ndowa pamutu, mpweya umamuperewera ndipo mtima umagunda mwaliwiro. Kawirikawiri vuto lotere limachokera m'magazi. Malungo, njoka za m'mimba ndi kutaya magazi ochuluka posamba zimachepetsa himogilobini, chimene chimanyamula mpweya m'thupi. Zikhatho ndi mkati mwa zikope zimayera. Kuchipatala amabaya chala n'kuyeza, ndipo kwa mayi wosayembekezera, mlingo wochepera magalamu 12 pa desilita ndiye kuchepa kwa magazi.

Magazi akapezeka okwanira, adokotala amayang'ana chithokomiro, chimene chikafooka munthu amanenepa ndi kumva kuzizira. Wina amaliza mkonono, mpweya n'kumadukiza usiku wonse, choncho amadzuka wotopa.