Kuwerenga mvula ya patali popanda kudumpha kapena kubwereza

Chipangizo choyezera mvula chamakono sichifuna munthu wa kope ndi pensulo. M'kati mwake muli kandowa komwe kamapendekeka kakadzaza mamilimita 0.2, ndipo kabokosi kosunga miyezo kamawerenga kuti kapendekeka kangati. Ngati kamalemba pa mphindi 15 zilizonse, pa tsiku pamayenera kupezeka miyezo 96. Ikakhala 95 kapena 97, china chake chalakwika.

Vuto limayambira pa funso lomwe kompyuta ya ku ofesi imafunsa. Tiyerekeze kuti netiweki ya foni yazima pa 14:05 n'kubwerera pa 16:10, monga zimachitikira mvula ikalimba. Kompyuta yongofunsa kuti “panopa pali bwanji?” imataya miyezo 8, kuyambira wa 14:15 mpaka wa 16:00, yomwenso ndi yofunika kwambiri kwa ochenjeza anthu za madzi osefukira. Yokonzedwa bwino imayang'ana kaye muyezo womaliza womwe inasunga, wa 14:00, n'kupempha zonse zotsatira. Kabokosi kaja kamakhala kakulembabe ngakhale kulibe netiweki, malinga ngati batire lili ndi moto ndipo malo osungira sanadzaze. Akadzaza, mabokosi ambiri amafufuta zakale n'kulembapo zatsopano.

N'chifukwa chake nthawi iyenera kulembedwa ndi kabokosiko pomwe kakuyeza. Ikalembedwa pofika ku ofesi, miyezo 8 yonse ija idzaoneka ngati ya 16:10.

Kubwereza nako kumalowa mwakachetechete. Kompyuta yalandira mamilimita 12, koma uthenga wotsimikiza kuti zafika watayika panjira. Kabokosi kamatumizanso, ndipo mvula ija yasanduka mamilimita 24. Mankhwala ake ndi lamulo loti dzina la siteshoni ndi nthawi zisapezeke pamodzi kawiri. Mu PostgreSQL amalemba chonchi:

```sql
INSERT INTO miyezo VALUES ('S01', '2024-01-10 12:15Z', 12.0)
ON CONFLICT (siteshoni, nthawi) DO NOTHING;
```

Chilembo cha Z chikuimira nthawi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi. Lamuloli likakhalapo, akatswiri amapempha dala kuyambira ola limodzi m'mbuyo, podziwa kuti zobwereza zikanidwa pakhomo.

Chovuta kwambiri ndi wotchi ya kabokosi. Yotchipa imatha kuthamanga kapena kutsalira pafupifupi mphindi imodzi pa mwezi. Ikasiyidwa mpaka kutsogola ndi mphindi 20, wina n'kudzaibweza kamodzin'kamodzi pa 10:25, imabwerera pa 10:05, ndipo 10:15 imalembedwa kawiri ndi miyezo yosiyana. Lamulo lija lidzataya wachiwiriwo, chonsecho ndi weniweni. Pofuna kupewa zimenezi, wotchi amaikonza pafupipafupi ndi GPS kapena netiweki, ndipo muyezo uliwonse amaupatsa nambala yakeyake yomangokwera. Nambala zikadumpha kuchoka pa 5120 kufika pa 5123, iwiri yasowa ndipo ingapemphedwenso.

Ikapanda kupezeka, malo ake amasiyidwa opanda kanthu. Kulembapo 0 ndi bodza, chifukwa 0 akutanthauza kuti chipangizo chinayeza ndipo mvula sinagwe.